Ndapeza 11 pa 25 pa funso la madayirekitala, ndalakwitsa pati?

Kachiwala:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndikuphunzira malamulo a ku Mangalande pa intaneti ndili konkuno ku Lilongwe, ndipo mayeso a malamulo a makampani atsala milungu itatu. Ndinayankha funso loyeserera, masamba anayi athunthu, aphunzitsi andibwezera ndi 11 pa 25. Pansi alembapo kuti lamulo ndikulidziwa koma funso sindinaliyankhe. Zikutheka bwanji? Ayiraki, njira ija yoyankhira mafunso a malamulo, ndinaitsata bwinobwino, nkhani, lamulo, kugwiritsa ntchito lamulo, chigamulo, chilichonse ndi kamutu kake kodula mzere kunsi.

Funso lake lili chonchi, anthuwo ndiziwatchula kuti Mkulu, Mng'ono ndi Mayi. Kampani ndi ya pulayiveti, yophika buledi, inalembetsedwa mu 2015 ndipo imayendera malamulo amkati aja okonzedwa ndi boma, amene kampani imangotengera ikapanda kulemba akeake. Madayirekitala ndi atatu. Mkulu ndiye woyendetsa zonse, ali ndi masheya 40 pa 100. Mng'ono wake wa bere limodzi ali ndi 35 koma ku ofesi amangoonekera mwa apo ndi apo. Mayi amasunga mabuku a ndalama, ali ndi 25. Kampani yakhala ikusakasaka malo osungirako ufa, koma banki inakana kuibwereka ndalama. Loweruka lina pa ukwati, mwini shedi yogundizana ndi bekale anamunong'oneza Mkulu kuti akuigulitsa pa mapaundi 200,000. Mkulu anakanena nkhaniyo ku bodi tsiku limene Mayi kunalibe. Iyeyo ndi Mng'ono anavota kuti poti kampani ilibe ndalama, Mkulu agule yekha. Anaguladi, ndipo patatha miyezi 8 anagulitsa pa mapaundi 260,000. Pano akufuna msonkhano wa eni masheya umukhululukire. Funso likuti langizani kampani.

Bonya:
Masamba anayi pa 11? Aise ine ndikanalira.

Tsabola_Wakale:
Achemwali, musanatiuze zambiri, tikopereni chiganizo choyamba cha yankho lanu, komanso mutiuze kuti pa masamba anayiwo mawu akuti shedi akuyamba kuoneka pa tsamba liti.

Kachiwala:
Choyamba chikuti nkhani ndi yakuti kodi madayirekitala anaphwanya maudindo awo ku kampani. Shedi ikuyamba kuoneka kumapeto kwa tsamba lachitatu. Awiri oyambawo ndinafotokoza masekishoni 171 mpaka 177 a lamulo la makampani la 2006, onse asanu ndi awiri, lililonse ndi mlandu wake.

Tsabola_Wakale:
Basitu, pomwepo. Chiganizo chanu choyambacho mukhoza kuchilemba musanatsegule n'komwe pepala la mayeso, chifukwa chingakwane pa funso lililonse la madayirekitala. Wochonga akachiona amadziwiratu kuti kutsogoloku kuli notsi zoloweza. Ine ndinachongako mapepala oterewa zaka zingapo, ndipo masamba awiri a masekishoni asanu ndi awiri aja tinkangowadumpha ndi maso kufunafuna pamene munthu wayamba kukamba za anthu a mu funso.

Nkhani mumaitola m'zochitika, osati m'buku, ndipo imakhala ndi dzina la munthu ndi chimene wachita. M'funso lanuli ine ndikuonamo zinayi. Kodi Mkulu pogula shedi yekha anadziika pamalo pomwe zofuna zake zikulimbana ndi za kampani? Ngati ndi choncho, kodi voti ya ku bodi ija inamumasula? Ngati sinamumasule, kodi eni masheya angamukhululukire tsopano? Nanga kampani ingapezepo chiyani? Palinso kakang'ono ka Mng'ono, tidzakaona. Cholakwika china n'chakuti munachita ayiraki imodzi yaikulu ya funso lonse. Imafunika kachiayiraki pa nkhani iliyonse payokha: mufunse, mutchule lamulo mwachidule, muliike pa shedi, mugamule, kenako mupite pa ina. Mukatero lamulo silitalikirana ndi zochitika koposa mizere itatu.

Namasupuni:
Ine ndikuona ngati sekishoni 172 ndiye mwini nkhani. Dayirekitala ayenera kuchita zokomera kampani, ndipo kudzigulira shedi sikukomera kampani. Ukayamba ndi 172 sungasochere chifukwa imaphimba zonse.

Tsabola_Wakale:
Imaphimbadi zonse, n'chifukwa chake malikisi ake ndi ochepa pano. Vuto la 172 n'lakuti imayang'ana kwambiri zimene dayirekitalayo ankakhulupirira mumtima mwake, ndiye Mkulu adzangoti ndinkaona moona mtima kuti kampani singakwanitse. Pa 175 chikhulupiriro chakecho sichimuthandiza. Itchuleni 172 m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, nthawi yotsalayo ipite ku 175.

Wapanjinga:
Pepani ndilowepo ngati munthu wamba. Ine sindikuona cholakwa. Kampani inalibe ndalama, banki inakana, munthu wamva nkhani ku ukwati atavala suti yake osati ku ofesi, wagula ndi ndalama zake, ndipo sanabise. Ndiye abweze phindu chifukwa chiyani? Kampani yataya chiyani?

Bonya:
Awa alemba mbali ya Mkulu yonse mwaulere.

Tsabola_Wakale:
Bonya akunena zoona ngakhale akuseka. Achimwene Wapanjinga, zimene mwanenazo ndi zinthu zitatu zimene wolemba funso anaziikamo dala: banki, ukwati, ndi kusabisa. M'funso la mayeso mulibe mawu ongokongoletsa. Akakuuzani kuti linali Loweruka pa ukwati ndiye kuti akufuna muchitepo kanthu. Achemwali Kachiwala, taonani mmene ndikanalembera nkhani yoyambayo. Inu mudzalemba m'Chingerezi, koma kayendedwe kake ndi komweka.

Lamulo, mizere yochepa: sekishoni 175 imauza dayirekitala kupewa malo pomwe zofuna zake zikulimbana kapena zingathe kulimbana ndi za kampani. Kandime kachiwiri kamatchula makamaka kudyerera katundu, uthenga kapena mwayi, n'kuwonjezera kuti zilibe kanthu kaya kampaniyo ikanatha kuugwiritsa ntchito mwayiwo kapena ayi. Pothawira pali pawiri mu kandime kachinayi: ngati munthu woganiza bwino sangaone kuti pangabuke kulimbana, kapena ngati madayirekitala anzake analoleza.

Tsopano kuliika pa shedi. Shediyi ndi yogundizana ndi bekale, ndipo kampani yakhala ikufuna malo a ufa, choncho ndi chinthu chimene kampani inali nacho chidwi ndithu. Mkulu adzati nkhaniyi anaimva pa ukwati ngati munthu wamba. Koma mu mlandu wa Bhullar wa 2003, dayirekitala anangoona mwangozi chikwangwani chogulitsa malo oyandikana ndi a kampani, ndipo khoti la apilo linati kumva nkhaniyo kunja kwa ntchito sikumumasula. Kumeneko mabanja awiri eni kampani anali atayambana ndipo kunali kutanenedwa kale kuti kampani isagulenso malo ena, komabe ogulawo anapezeka olakwa. Kuno kampani ikufunabe malo, ndiye Mkulu waima pofooka kuposa iwo aja. Adzatinso banki inakana. Kandime kachiwiri kayankha kale, komanso mu mlandu wa Regal Hastings wa 1942 kampani inangotha kulipira masheya 2,000 pa 5,000 amene ankafunika kuti itenge nyumba ziwiri za kanema, otsalawo anagula madayirekitala ndi anzawo, mopanda chinyengo, koma madayirekitala amene anadzigulira masheyawo anauzidwabe kubweza phindu. Chigamulo chaching'ono: n'zachidziwikire kuti 175 yakhudzidwa, pokhapokha voti ya ku bodi itamupulumutsa.

Mwaona kuti milandu iwiri yokha, ndipo uliwonse wabwera kudzayankha mfundo imodzi ya Mkulu. Sindinaufotokoze chifukwa choti ndikuudziwa.

Kachiwala:
Regal ndinaulemba theka la tsamba, mpaka phindu la pa sheya iliyonse, mapaundi 2 mashereni 16 ndi kobiri limodzi. Kenako pa kugwiritsa ntchito ndinangoti potengera mlandu wa Regal, Mkulu waphwanya sekishoni 175. Ndikuona tsopano.

Tsabola_Wakale:
Chiganizo chimenecho ndi chigamulo chovala malaya a kugwiritsa ntchito. Kayezedwe kake n'kosavuta. Tengani pensulo, pa ndime iliyonse ya kugwiritsa ntchito muone ngati muli mawu akuti chifukwa, ndipo kutsogolo kwake kuli chinthu chochokera m'funso, kaya shedi, kaya banki, kaya 35 pa 100. Mukapeza ndime yomwe mungaichotse n'kukaimata pa funso lina osasintha kanthu, ndime imeneyo siinagwire ntchito.

Wapanjinga:
Komabe lamulo limeneli ndi lankhanza. Ndiye kuti shedi ikanangopita kwa mlendo, zikanakhala bwino?

Chimtengo77:
Ndi louma dala, achimwene. Taganizani, amene amapita ku banki kukapemphera kampani ngongole ndi ndani? Mkulu yemweyo. Mukamulola kuti banki ikakana azidzigulira yekha, adzakapempha ndi mphamvu zake zonse? Makhoti safuna kumafufuza mumtima mwa munthu kuti anayesetsa motani, ndiye anangotseka khomo. Pali mlandu wa Cooley wa 1972, munthu wolemba mapulani a nyumba amene ananamizira matenda kuti kampani imumasule akatenge yekha kontirakiti ya bungwe la gasi. Jaji anati mwayi woti kampaniyo ikanaipeza kontirakitiyo sunkapitirira 10 pa 100, koma phindu anamuuzabe kuti abweze.

MaiAwiriAwiri:
Nkhani iyi yandikhudza. Ife tili ndi kampani ya banja yogula soya ndi mtedza kwathu ku Mchinji, madayirekitala ndine, alongo anga awiri ndi amalume. Chaka chatha wogula wina wamkulu anaimbira mlongo wanga wamkulu kufuna matani ambiri, iye osatiuza, anakalembetsa kabizinesi m'dzina la mkazi wake n'kumatumiza yekha, matumba ake otengera m'sitolo yathu yomwe. Tinadziwira kwa dalaivala wa lole. Ndiye ndingakamusumire ndi sekishoni 175 imeneyi?

Chimtengo77:
Pepani mayi, zowawa. Koma manambala amene tikutchula panowa ndi a lamulo la ku Mangalande, musapite nawo ku khoti kuno. Kwathu kuno tili ndi lamulo lathu la makampani la 2013 limene linalowa m'malo mwa la 1984, lili ndi manambala akeake. Mfundo yoti dayirekitala asadyerere mwayi wa kampani iliko kunonso, ndipo maloya athu milandu ngati Regal amaitchula ndithu, koma nkhani yanu mupite nayo kwa loya ndi mapepala a kampani m'manja. Muyambe mwasunga mauthenga ndi malisiti a lole.

MaiAwiriAwiri:
Amalume akuti tikambirane pachibale, za makhoti ayi. Mwezi wachisanu uno tikukambiranabe.

Bonya:
Pachibale pomwepo soya akupitabe.

Namasupuni:
Tibwerere ku shedi. Ine pa nkhani yachiwiri ndikuti Mkulu wapulumuka. Anaulula ku bodi monga ikunenera sekishoni 177, bodi inavomera. Kampani ndi ya pulayiveti, ndipo kampani ya pulayiveti madayirekitala ake ali ndi mphamvu yololeza bola malamulo amkati asaletse. Za kampani ya pabuliki ndiye zimafuna kuti malamulo amkati achite kupereka mphamvuyo.

Tsabola_Wakale:
Theka lachiwirilo mwalasa, ndipo n'chifukwa chake funso latchula 2015. Makampani a pulayiveti olembetsedwa 1 Okutobala 2008 isanafike amayamba apempha eni masheya kuti apatse bodi mphamvuyo, koma iyi ndi ya pambuyo pake, ndiye mphamvu ilipo. Chiganizo chimodzi, malikisi m'thumba.

Koma 177 ichotseni. Imeneyo ndi ya pamene dayirekitala ali ndi chake mu mgwirizano umene kampani yeniyeniyo ikufuna kupanga, monga akanakhala kuti Mkulu akuigulitsa shediyo ku kampani kapena kuichititsa lendi. Apa kampani sinagule kanthu, sinasaine kanthu. Mgwirizano unali pakati pa Mkulu ndi mwini shedi. Ophunzira ambiri amagwera pamenepa chifukwa aona mawu oti ananena ku bodi. Pa 175 kuulula kokha sikukwanira, pamafunika chilolezo, ndipo chilolezocho chili ndi zoyenera zake mu kandime kachisanu ndi chimodzi. Tawerengani mitu ya anthu amene anali m'chipindamo.

Namasupuni:
Awiri. Ndipo koramu, chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano uchitike, pa malamulo amkati a boma aja ndi awiri. Ndiye yakwana.

Kachiwala:
Ayi dikirani. Mkulu sawerengedwa poti nkhani ndi yake. Watsala Mng'ono yekha. Mmodzi.

Tsabola_Wakale:
Ndi zimenezotu. Koramu iyenera kukwana osawerengera mwini nkhani kapena dayirekitala wina aliyense amene ali ndi chake m'nkhaniyo, ndipo voti iyenera kupambana popanda mavoti awo. Apa pa voti pokha mwina mukanati Mng'ono yekha wavomera, palibe wokana. Koma koramu yagwa, mmodzi pa awiri ofunika, ndiye chilolezo palibe. Kusowa kwa Mayi tsiku limenelo sikunalembedwe mwangozi. Mukafuna kuonetsa kuti muli maso, onjezerani kuti funso silinanene ngati Mayi anaitanidwa ku msonkhanowo, ndiponso silinanene ngati Mng'ono analonjezedwa kenakake pa shediyo, ndipo zonse ziwiri mukanafunsa kasitomala wanu. Koma musapeke. Osalemba kuti mwachionekere Mng'ono anadyapo. Funso silinatero.

Kachiwala:
Ine pamenepa ndinalemba kuti bodi inaloleza koma chilolezocho n'chokayikitsa chifukwa ndi pachibale. Koramu sindinaiganize n'komwe. Aphunzitsi anangoikapo chizindikiro cha funso chofiira.

Fisi_Wa_Mtauni:
Inu nonse mukuzungulira. Yankho ndi loti Mayi akasume. Ndiye woberedwa, 25 pa 100 ya 60,000 ndi 15,000, amupatse zake basi. Ine ndikanayamba ndi zimenezo.

Chimtengo77:
Madala, werengani mzere womaliza wa funso. Akuti langizani kampani, sanati langizani Mayi. Ndipo udindo wa dayirekitala umapita ku kampani, sekishoni 170 ikunena poyera, ndiye wolakwiridwa ndi kampani, wosuma ndi kampani, ndalama zikabwera zimalowa ku kampani. Ndi mfundo yakalekale ya mlandu wa Foss wa 1843. Mayi alibe 15,000 yakeyake pamenepo. Chimene angachite ngati abale awiriwa atsekereza kampani kusuma ndi kupempha khoti kuti asume m'malo mwa kampani, pa sekishoni 260 kupita kutsogolo. Pa funso ili zimenezo ndi mizere iwiri kumapeto, osati poyambira.

Fisi_Wa_Mtauni:
Chabwino, koma pamapeto pake ndalamazo zimufikabe.

Chimtengo77:
Zikafika ku kampani. Kugawana ndi nkhani ina.

Namasupuni:
Nkhani yachitatu ndiye ndayankha ine, ndibwezereko ulemu. Sekishoni 239: pokhululukira dayirekitala, mavoti ake ndi a anthu olumikizana naye sawerengedwa. Mkulu 40 kunja, mng'ono wake 35 kunja, watsala Mayi ndi 25 yake ndipo akana. Chikhululuko chagwa.

Tsabola_Wakale:
Achemwali Namasupuni, tsegulani sekishoni 253 muwerenge mndandanda wa abale, mundiuze ngati mng'ono alipo.

Namasupuni:
Mkazi kapena mwamuna wake, amene akukhala naye ngati banja, ana, ana owapeza, makolo. Iii. Mchimwene palibe? Wa bere limodzi?

Bonya:
Azungu chibale chawo n'chachifupi ngati kabudula.

Wapanjinga:
Ife timati chibale ndi fupa sichiola, iwo akuti mng'ono wako ndi mlendo. Ndiye amalume a mayi a ku Mchinji aja sangawerengedwe n'komwe.

Tsabola_Wakale:
Msampha umenewu umagwira kwambiri ife a kuno, chifukwa mutu umangotiuza kuti mng'ono ndi m'bale, osaonanso buku. Pa lamuloli abale a bere limodzi sali pa mndandanda. Mng'ono angalowe pokhapokha patakhala njira ina, monga ngati awiriwa ali limodzi mu bizinesi ina ya patinashipu, ndipo funso silinanene zotero. Ndiye masamu ake: chotsani 40 ya Mkulu, patsala 35 yovomera ndi 25 yokana. Chikhululuko chadutsa pa manambala. N'chifukwa chake wolemba funso anapatsa Mng'ono masheya ambiri kuposa Mayi.

Koma musaimire pomwepo. Sekishoni yomweyo kumapeto kwake imati sikuchotsa malamulo akale onena za zolakwa zimene sizingakhululukidwe n'komwe. Apa ndiye pali milandu iwiri yokokana. Mu Regal, mmodzi wa majaji anati madayirekitala aja akanadziteteza akanapeza chilolezo cha eni masheya. Koma mu mlandu wa Cook ndi Deeks wa 1916, madayirekitala atatu anadzitengera kontirakiti yomanga njanji ku Canada, n'kugwiritsa ntchito masheya awo ochuluka kuvota kuti kampani inalibe nayo gawo, ndipo khoti linakana, linati ambiri sangadzipatse mphatso ya chuma cha kampani. Funso ndi lakuti Mkulu akufanana ndi ati.

Chimtengo77:
Kwa ine akufanana ndi a Regal. Sanabise, anakanena ku bodi, kampani inalibedi ndalama. A Cook ndi Deeks aja anachita mwakabisira n'cholinga chomutaya mnzawo wachinayi. Komanso vuto la kumeneko linali loti olakwa anadzivotera okha, ndipo 239 inathana nalo kale pochotsa mavoti awo. Mukachotsa voti ya Mkulu, otsalawo akavomera, nkhani yatha.

Tsabola_Wakale:
Ndi mfundo yabwino ndipo ophunzira malamulo ena amaiona choncho. Ine sindikhutira nayo kwenikweni. Mkulu ananena ku bodi tsiku limene munthu yekhayo amene akanakana kunalibe, ndipo wovota kumukhululukira ndi yemwe uja anamuloleza poyamba, amenenso khalidwe lake likufunsidwa. Ngati malamulo akale aja anasungidwa dala, ndiye kuti kuchotsa mavoti sikunathetse zonse.

Chimtengo77:
Koma funso silinati anasankha tsikulo dala. Mwapeka, bambo, inu nomwe mwatiletsa.

Tsabola_Wakale:
Mwandigwira. Ndibweza mawu akuti munthu yekhayo amene akanakana. Zotsalazo ndaima pomwepo.

Kachiwala:
Ndiye ine ndilembe ziti? Inu awiri simukugwirizana, mayeso ali pa khomo.

Tsabola_Wakale:
Mulembe zonse ziwiri mwachidule, kenako musankhe. Wochonga sakufuna kuti mulose zimene zili m'mutu mwake, akufuna aone kuti mwazindikira kuti apa lamulo silinakhazikike ndipo mwaima penapake ndi chifukwa. Mwachitsanzo: pa manambala chikhululuko chidutsa 35 kwa 25, Mayi angatsutse potengera Cook, koma poti Mkulu sanabise ndipo voti yake yachotsedwa, n'kutheka kwambiri kuti khoti lingachilole. Kapena mugamule mbali inayo. Chimene chimadyetsa malikisi ndi kumaliza ndi mawu akuti zili kwa khoti kugamula. Kasitomala sanakulipireni kuti mumuuze kuti kuli makhoti.

Ndipo ngakhale mutagamula kuti chikhululuko chidutsa, nkhani yachinayi muiyankhebe, chifukwa msonkhanowo sunachitike. Sekishoni 178 imatibwezera ku zithandizo zakale za makhoti, ndipo choyenera apa ndi kubweza phindu: 260,000 kuchotsa 200,000, kutsala 60,000, kuchotsaponso ndalama zimene anawonongadi pogula ndi pogulitsa ngati atazionetsa. Achimwene Wapanjinga anafunsa kuti kampani yataya chiyani. Pa kubweza phindu funso limenelo silibuka, chifukwa tikuyeza chimene dayirekitala wapeza, osati chimene kampani yataya. Mukalemba chipukuta misozi apa mwalowa khomo lolakwika, kampani ivutika kuonetsa kuti inaluza pomwe inalibe ndalama zogulira. Shedi ikanakhala kuti sanaigulitse, bwenzi tikukamba zoti akuisungira kampani. Mkulu angapemphenso khoti kuti limuchitire chifundo pa sekishoni 1157, imene imafuna kuti akhale atachita moona mtima ndiponso mwanzeru. Kuona mtima mwina ali nako, koma kusiya munthu ndi phindu limene lamulo likuti si lake makhoti sachita mwachisawawa.

Namasupuni:
Nanga Mng'ono? Munati tidzamuona.

Tsabola_Wakale:
Ndime imodzi. Sekishoni 174, kusamala ndi luso, muyezo wake ndi wa dayirekitala wanzeru pa udindo umenewo, ndipo umakwera ngati munthuyo ali ndi luso loposa. Kuonekera mwa apo ndi apo sikumutsitsira muyezo. Mufunse ngati munthu wosamala akanavomera osafunsa za banki ina, osadikira Mayi amene amadziwa za ndalama. Mukhozanso kukhudza 173 ngati anangotsatira mkulu wake osaganiza payekha. Koma onani kusiyana kwake: iye sanapeze phindu, ndiye kwa iyeyu kampani iyenera kuonetsa chimene yataya, ndipo pamenepo nkhani ya banki ija, imene sinamuthandize Mkulu, ikumuthandiza Mng'ono.

Kachiwala:
Chinthu chimodzi chomwecho, kwa wina chilibe ntchito, kwa wina chikumuteteza. Imeneyo sindikanaiona. Nanga nthawi? Funso limodzi timapatsidwa mphindi 45.

Chimtengo77:
Ine ndinkatenga mphindi 8 osalemba yankho, kungodula mizere pa funso ndi kulemba nambala ya sekishoni pambali pa chochitika chilichonse. Chochitika chikatsala chopanda nambala ndinkadziwa kuti pali chimene sindinachione. Pa ili 175 ndi chilolezo cha bodi zidye pafupifupi theka la nthawi yotsalayo, 239 itsatire, zinazo mothamanga. Timitu todula mzere tija mukhoza kutisiya, m'malo mwake mutu ukhale Mkulu ndi shedi, voti ya ku bodi, choncho.

Fisi_Wa_Mtauni:
Ife aphunzitsi athu amafuna timituto. Ukapanda kulemba amadula.

Chimtengo77:
Ndiye lembani, tsatirani mwini kalasi. Bola tibwerezedwe pa nkhani iliyonse.

Kachiwala:
Ndalembanso usiku, zatuluka masamba awiri ndi theka, shedi ili mu mzere woyamba. Pa 239 ndatsatira a Chimtengo77, a Tsabola mundikhululukire. Koma ndapeza funso la chaka china lofanana nalo, kusiyana kwake n'kwakuti dayirekitalayo anatula pansi udindo sabata imodzi asanagule. Pamenepo 175 imamugwirabe?

Namasupuni:
Sekishoni 170 kandime kachiwiri. Nthawi ino ndayamba ndatsegula buku. Amagwidwabe pa mwayi umene anaudziwa adakali dayirekitala. Ndiye muone tsiku la ukwati ndi tsiku la kalata yotula pansi, chinayamba n'chiti.

Kachiwala:
M'funso ilo si ukwati, ndi maliro. Ndipo tsiku lake sanalitchule.